Galimoto Ikamakokera Mbali Imodzi: Mpweya, Tayala kapena Alayinimenti?

Galimoto imene ili bwinobwino imayenda molunjika pamsewu wowongoka popanda dalaivala kulimbana ndi chiwongolero. Ikayamba kukokera kumanzere kapena kumanja, nthawi zambiri ndiye kuti matayala ake awiri akutsogolo sakugwira ntchito mofanana. Limodzi limakhala likulemera pogudubuzika, kapena likukankhira galimotoyo chammbali kuposa linzake. Zimene zimachititsa zimenezi kawirikawiri ndi zitatu: mpweya wosafanana m'matayala, tayala losiyana ndi linzake kapena lowonongeka mkati, ndiponso miyendo ya galimoto imene yachoka pamalo pake, vuto limene amakaniko amati alayinimenti yasokonekera.

Pachiwongolero zitatuzi zimamveka chimodzimodzi. N'chifukwa chake eni galimoto ambiri amathamangira kukalipira alayinimenti pamene vuto linali valavu yotaya mpweya, ndipo ena amagula matayala atsopano amene amadyekanso pakangopita miyezi yochepa chifukwa chitsulo chopindika sichinakonzedwe. Njira yozisiyanitsira ndi kuyesa chimodzichimodzi, kuyambira chosavuta ndi chosafuna ndalama. Mpweya umayamba, tayala limatsatira, ndipo makina a alayinimenti amakhala omalizira.

Kutsimikiza kaye kuti galimoto ikukokadi

Msewu wa tala samaumanga wathyathyathya. Pakati pake pamakhala pokwererapo kuti madzi a mvula azitsetserekera m'mbali, ndipo kupendekekako kumakhala masentimita awiri kapena atatu pa mita iliyonse. Ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique, ku Zimbabwe ndi ku South Africa galimoto zimayenda kumanzere, kotero msewu umazitsetserezera kumanzere nthawi zambiri. Galimoto imene imasendera pang'onopang'ono kumanzere dalaivala akafewetsa manja, n'kutenga masekondi angapo isanafike m'mphepete, ikhoza kukhala yopanda vuto lililonse. Koma imene ikukokera kumanja ikuchita kukwera chitunda cha msewuwo, ndipo imeneyo ndi yoyenera kuikayikira ngakhale kukokako kukhale kochepa.

Poyesa pamafunika msewu wowongoka, wosalala ndi wopanda galimoto zambiri. Galimoto isakhale ndi katundu wolemera mbali imodzi, chifukwa matumba a chimanga ounjikidwa kumanzere amatsitsa mbali imeneyo n'kusintha mmene matayala akupondera. Dalaivala amayenda pa liwiro la makilomita 60 pa ola, n'kufewetsa manja pachiwongolero koma osachisiya. Ndi bwino kudutsa pamalo omwewo popita ndi pobwera, chifukwa mphepo yoomba chammbali imakankhira galimoto kumanzere popita ndi kumanja pobwera, pamene vuto la galimoto limakokera mbali yomweyo maulendo onse awiri.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Choyamba ndi kukoka kwenikweni: dalaivala amachita kugwiritsa mphamvu kuti galimoto isapatuke, ndipo akafewetsa manja imapatukadi. Chachiwiri ndi chiwongolero chokhota: galimoto imayenda molunjika payokha, koma chiwongolero chimakhala chitapendekera mbali imodzi. Dalaivala akachiwongola kuti chikhale pakati, galimoto imakhota, ndiye iye amaganiza kuti ikukoka. Chachiwirichi sichichokera ku mpweya kapena ku tayala. Ndi nkhani ya alayinimenti basi, ndipo ndi yosavuta kukonza.

Nthawi imene kukokako kumachitika imathandizanso. Galimoto imene imakoka pokhapokha dalaivala akaponda mabuleki ili ndi vuto la mabuleki kapena mabushi otha. Imene imakoka pokhapokha akaponda mafuta mwamphamvu, makamaka yokokera kutsogolo, nthawi zambiri ili ndi mabushi ofooka kapena zogwirira injini zotha. Mpweya, tayala ndi alayinimenti zimakoka nthawi zonse pamene galimoto ikuyenda pa liwiro limodzi.

Mpweya wosafanana

Tayala lakutsogolo likachepa mpweya limaphwatalala pansi. Mbali yaikulu ya labala imagunda msewu, khoma la tayala limapindika kwambiri ulendo uliwonse likazungulira, ndipo tayalalo limalemera pogudubuzika. Limafupikanso pang'ono, kotero galimoto imapendekera mbali yake. Zonsezi zimakokera galimoto ku mbali ya tayala lochepa mpweyalo. Pa galimoto zazing'ono zambiri, kusiyana kwa 0.3 bar pakati pa matayala awiri akutsogolo kumatha kumveka m'manja, ndipo kukafika 0.5 bar sikubisikanso. Tayala lakumbuyo likachepa mpweya silikoka kwambiri, koma galimoto imamveka ngati ikugwedezeka kumbuyo pokhota.

Maso sangadalirike pankhaniyi. Matayala a masiku ano amaoneka otupa pang'ono m'munsi ngakhale ali ndi mpweya wokwanira, ndipo tayala lotaya gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya wake limaonekabe ngati labwino. Kulimenya ndi phazi sikuuza munthu kanthu. Pamafunika geji, ndipo geji imodzi yomweyo iyeze matayala onse anayi, popeza ma geji awiri amatha kusiyana ngakhale onse ali atsopano.

Mlingo woyenera umalembedwa pa kachimata kamene kamakhala pafelemu ya chitseko cha dalaivala, ndipo pa galimoto zina mkati mwa chotsekera mafuta kapena m'buku la galimoto. Nambala yolembedwa pakhoma la tayala pafupi ndi mawu akuti MAX PRESS si imeneyo. Iyo ndi malire a mpweya umene tayalalo lingapirire. Galimoto zazing'ono zambiri zimafuna mpweya wa pakati pa 2.0 ndi 2.5 bar. Ma geji ena amawerenga mu kPa ndipo ena mu psi: 1 bar ndi 100 kPa, kapena pafupifupi 14.5 psi, kotero 2.2 bar ndi 220 kPa kapena 32 psi.

Mpweya amayeza matayala ali ozizira, ndiye kuti m'mawa galimoto isanayende, kapena itaima maola atatu. Tayala lotentha ndi ulendo limawerenga 0.2 kapena 0.3 bar pamwamba pa mlingo wake, ndipo munthu akaliphwetsa kuti lifike pa nambala ya pachimata, likazizira limakhala loperewera. Galimoto yoimikidwa mbali imodzi padzuwa, ina pamthunzi, imanamizanso geji, chifukwa matayala a kudzuwa amawerenga pamwamba.

Matayala akutsogolo akafanana mpweya ndipo kukoka n'kutha, vuto lapezeka, koma ntchito sinathe. Tayala lililonse limataya mpweya pang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo onse anayi amatsika pafupifupi mofanana. Limodzi likatsika lokha, pali pamene ukutulukira. Madzi a sopo owazidwa pa valavu, pamano a tayala ndiponso pamene tayala lakumana ndi limu amachita thovu pamalo otayawo. Kawirikawiri umakhala msomali, kapini ka mkati mwa valavu kolephera kutseka, kapena limu yopindika m'mphepete chifukwa chogwera m'dzenje.

Tayala losiyana ndi linzake kapena lowonongeka

Mpweya ukafanana koma galimoto n'kumakokabe, chotsatira ndi kuyang'anitsitsa matayala awiri akutsogolo. Choyamba kuwerenga ndi saizi yolembedwa pakhoma. Pa tayala la 185/65 R15, nambala 185 ndi mulifupi mwake m'mamilimita, 65 ikutanthauza kuti khoma lake ndi lotalika magawo 65 pa 100 a mulifupimo, ndipo 15 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Tayala limeneli ndi lotalika pafupifupi mamilimita 621. La 195/65 R15 limalowa pa limu yomweyo ndipo pamaso silisiyana kwenikweni, koma ndi lotalika pafupifupi mamilimita 634. Likazungulira kamodzi limayenda masentimita anayi kuposa linzakelo, ndipo galimoto imapendekera ndi kukokera ku tayala lalifupilo.

Matayala a saizi imodzi amathanso kusiyana chotere. Latsopano limakhala ndi mano ozama pafupifupi mamilimita 8. Likaikidwa moyang'anizana ndi lakutha la mano a mamilimita 2, msinkhu wawo umasiyana ndi mamilimita 12. Amene amagula matayala ogwiritsidwa kale ntchito limodzilimodzi amakumana ndi vutoli kawirikawiri, chifukwa kutsogolo kumakhala matayala a makampani awiri, a mano osiyana ndi makoma olimba mosiyana. Lamulo lake ndi lakuti matayala awiri oyang'anizana akhale a saizi imodzi, mtundu umodzi, ndipo akhale otha mofanana. Katayala kakang'ono ka sipeya kamene kamabwera ndi galimoto zambiri zochokera ku Japan nakonso kamakoka kakaikidwa kutsogolo. Kameneka n'kongofikira nako kwa okonza matayala pa liwiro losaposa makilomita 80 pa ola.

Vuto lina limabisika mkati. Pansi pa mano a tayala pali malamba a waya omatidwa mulabala, amene amasunga tayala kuti likhale lozungulira bwino ndi lofanana mbali zonse. Malambawa akakhala kuti sanaikidwe pakati penipeni kufakitale, kapena akasuntha chifukwa tayala lamenyedwa kapena ladyeka mbali imodzi, mbali ina ya tayala imalimba kuposa inzake. Likalemedwa ndi galimoto limagudubuzika ngati ndowa yogonekedwa pansi, imene siipita molunjika koma imakhotera kumene kuli thako lake laling'ono. Tayala lotere likhoza kukhala latsopano, losalala ndi lopanda chilema chooneka, koma n'kumakoka galimoto. Chizindikiro chake ndi chakuti kukoka kumayamba tsiku limene matayala asinthidwa kapena asinthanitsidwa malo, ndipo nthawi zambiri kumakula liwiro likamakwera.

Choopsa kwambiri ndi malamba amene ayamba kumatuka. Kutentha chifukwa choyenda ndi mpweya wochepa, katundu wopitirira mlingo, msomali umene unalowetsa madzi n'kuchititsa waya dzimbiri, ndiponso ukalamba wa labala, zonsezi zimalekanitsa waya ndi labala. Pamano pamatuluka chotupa, kapena mizere ya mano imaoneka yokhotakhota pamalo amodzi. Dalaivala amazimva pa liwiro lochepa, ngati makilomita 10 mpaka 30 pa ola: chiwongolero chimagwedezekera uku ndi uku motsatira kuzungulira kwa tayala, ndipo galimoto imayenda ngati ikutsimphina. Kunjenjemera kwa tayala losowa balansi kumasiyana ndi kumeneku, chifukwa kumabwera pa liwiro lalikulu, cha m'ma 80 kupita m'mwamba. Galimoto ikakwezedwa ndi jeke n'kuzunguza tayala pang'onopang'ono ndi dzanja, malo otupawo amaoneka akukwera ndi kutsika.

Chotupa cha pakhoma chimabwera tayala likapanikizidwa pakati pa limu ndi m'mphepete mwa dzenje. Ulusi wa mkati umaduka, ndipo pamalopo pamatsala labala yokha kusunga mpweya. Chotupachi chimatha kukhala ku khoma la mkati, kumene sikuoneka munthu akaima pambali pa galimoto, kotero pamafunika kukhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto ndi kusuzumira. Tayala la chotupa pakhoma kapena la malamba omatuka silimatidwa ndipo silisamutsidwira kumbuyo. Limachotsedwa, chifukwa likhoza kuphulika nthawi iliyonse. Zaka za tayala zimadziwika ndi manambala anayi omalizira pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019.

Kusinthanitsa matayala akutsogolo

Pali kuyesa kumodzi kumene kumalekanitsa vuto la tayala ndi vuto la galimoto popanda makina. Tayala lakutsogolo kumanzere limapita kumanja ndi limu yake, ndipo lakumanja limabwera kumanzere. Mpweya umayezedwanso, kenako galimoto imayendetsedwa pamsewu womwe uja pa liwiro lomwe lija. Nzeru yake ndi yakuti vuto limene lili m'tayala limasamuka nalo, pamene vuto la miyendo ya galimoto limatsala pomwe linali.

Kukoka kukatembenuka, galimoto imene imapita kumanzere n'kuyamba kupita kumanja, wolakwa ndi limodzi mwa matayala awiriwo. Kukatheratu, tayala lili ndi mbali yake pavutoli: mphamvu yake tsopano ikufafanizana ndi kupendekeka kwa msewu kapena ndi kusokonekera pang'ono kwa alayinimenti. Kukakhala chimodzimodzi, mbali yomweyo ndi mphamvu yomweyo, matayala alibe mlandu, ndipo kufufuza kumapita ku mabuleki ndi alayinimenti.

Kuti adziwe tayala lenileni pa awiriwo, makaniko amasinthanitsa limodzi lakutsogolo ndi lakumbuyo la mbali yomweyo. Kukoka kukatha, lolakwa ndi limene lapita kumbuyolo. Kukapitirira, ndi limene latsala kutsogolo. Tayala limene limangokoka koma lilibe chotupa kapena chilema china likhoza kutsala kumbuyo, chifukwa kumeneko silikhudza chiwongolero kwenikweni.

Matayala ena ali ndi muvi pakhoma ndi mawu akuti ROTATION. Amenewa anapangidwa kuti azizungulira mbali imodzi kuti azitaya madzi bwino, ndipo akasamutsidwira mbali ina amazungulira chobwerera. Angathe kusinthanitsidwa kwa kanthawi koyesera pamsewu wouma, koma abwezeretsedwe pambuyo pake. Pomanga, manati amalimbitsidwa modumphadumpha, lina kenako loyang'anizana nalo, ndipo amamalizidwa galimoto itatsitsidwa pansi.

Buleki yogwira

Asanapite ku makina, makaniko wodziwa ntchito amayang'ana buleki yokakamira, chifukwa imakoka mofanana ndi tayala lochepa mpweya. Pisitoni kapena mapini a kalipa akachita dzimbiri, mapadi samasula disiki, ndipo galimoto imakokera mbali imeneyo. Munthu akayenda makilomita asanu osaponda mabuleki kwambiri, n'kuima n'kuyandikitsa dzanja pa malimu awiri akutsogolo osawakhudza, limu ya mbali yogwirayo imamveka yotentha kuposa inzake, ndipo nthawi zina pamamveka fungo la chopserera. Pa jeke, tayala la mbali imeneyo limalimba kuzunguza. Buleki yotere ikatenthetsa imafooka, kotero galimoto imene imakokera kumanzere poyenda imatha kukokera kumanja dalaivala akaponda mabuleki.

Alayinimenti ndi miyezo yake itatu

Alayinimenti ndi mmene matayala aimira poyerekeza ndi galimoto ndi msewu. Makina amayeza zinthu zitatu m'madigiri ndi mamineti, ndipo digiri imodzi ili ndi mamineti 60. Pagalasi la makina ndi papepala limene amasindikiza zimalembedwa kuti Camber, Caster ndi Toe. Si zonse zitatu zimene zimakoka galimoto, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya ndalama.

Kemba ndi kupendekeka kwa tayala munthu akaliyang'ana ali kutsogolo kwa galimoto. Pamwamba pa tayala pakapendekera kunja, nambala yake imakhala ndi chizindikiro cha +, ndipo pakapendekera mkati imakhala ndi cha −. Tayala lopendekeka limafuna kugudubuzikira kumene lapendekerako. Mbali zonse ziwiri zikapendekeka mofanana, mphamvu zake zimafafanizana. Zikasiyana ndi theka la digiri kapena kuposerapo, galimoto imakokera mbali imene tayala lake lapendekera kunja kwambiri, kapena limene lapendekera mkati pang'ono kuposa linzake. Kemba wolakwika amadya m'mphepete mmodzi mwa tayala mosalala: wa mkati ngati lapendekera mkati, wa kunja ngati lapendekera kunja.

Kasita ndi kupendekeka kwa mzere umene tayala limakhoterapo munthu akayang'ana galimoto chammbali. Pamwamba pa mzerewu pamapendekera kumbuyo, ndipo zimenezi ndi zimene zimabweza chiwongolero pakati galimoto ikamaliza kukhota. Mbali ziwiri zikasiyana, galimoto imakokera mbali imene kasita wake ndi wochepa. Kasita sadya matayala kwenikweni, kotero galimoto ikhoza kukoka chifukwa cha iye matayala ali osalala bwinobwino. Amachepa tayala likamenya dzenje kapena mwala n'kukankhidwira kumbuyo. Munthu angathe kuona zimenezi poyeza mpata wa pakati pa tayala ndi bodi kumbuyo kwa tayala, mbali zonse ziwiri, chiwongolero chili pakati. Mbali imene mpata wachepa ndi sentimita imodzi kapena kuposa ili ndi chitsulo chopindika kapena bushi yong'ambika.

Towu ndi kumene matayala aloza munthu akawayang'ana kuchokera pamwamba: kaya kutsogolo kwawo kwayandikana kapena kwatalikirana. Uyu ndiye amasokonekera kawirikawiri, ndipo ndi amene amasinthidwa pa matayirodi, koma payekha sakoka galimoto. Matayala awiri akutsogolo ndi olumikizana, kotero galimoto ikamayenda amagawana cholakwikacho mofanana, ndipo chimene chimakhota ndi chiwongolero. Kuipa kwake kumaonekera pa labala. Pa matayala otalika mamilimita 600, towu wolakwika ndi mamilimita 3 okha amakhuluza tayala lililonse chammbali pafupifupi mamita awiri ndi theka pa kilomita iliyonse. Mano amasongoka mbali imodzi, moti dzanja likapitidwa chopingasa tayala, kupita uku kumamveka kosalala ndipo kubwerera kumamveka kokanda. Towu wa matayala akumbuyo akasiyana mbali ziwiri, galimoto imayenda chopendekera, kumbuyo kosatsata kutsogolo, ndipo chiwongolero chimakhalanso chokhota.

Kadyekedwe ka tayala kamasiyanitsa zambiri munthu asanafike n'komwe kugalaja. Kudyeka m'mphepete monse muwiri ndi mpweya wochepa, ndipo kudyeka pakati pokha ndi mpweya wochuluka. Kudyeka m'mphepete mmodzi mosalala kumaloza kemba, mano osongoka amaloza towu, ndipo timaenje todumphadumpha kuzungulira tayala timaloza mashoko otha.

Makina amanena zoona pokhapokha galimoto ikakonzekeredwa. Mpweya uyenera kukhala wofanana, ndipo zitsulo zisakhale zogwedera. Makaniko amakweza galimoto n'kugwira tayala kumanzere ndi kumanja kwake, n'kuligwedeza. Likagwedera ndiye kuti tayirodi yatha. Akaligwira pamwamba ndi pansi n'kumva kugwedera, ndi bolojointi kapena bering'i. Alayinimenti yochitidwa pa zitsulo zotha imasokonekeranso galimoto ikangotsika pamakina. Komanso pa galimoto zazing'ono zambiri fakitale inaika posinthira towu yekha. Kemba ndi kasita akachoka pamlingo, ndiye kuti shoko, mkono wa pansi kapena chitsulo chonyamula tayala chapindika, kapena sipulingi yafooka. Chokonza chake ndi kusintha chitsulocho, kapena pa kemba wolakwika pang'ono, kuika mabawuti apadera osinthira.

Chitsanzo chimodzi

Tiyerekeze galimoto yaing'ono yokokera kutsogolo, ya matayala a 185/65 R15, imene chimata chake chikunena 2.3 bar kutsogolo. Yayamba kukokera kumanzere patapita masabata angapo igwere m'dzenje, ndipo chiwongolero chikuoneka chokhota pang'ono. M'mawa geji ikuwerenga 1.8 bar kumanzere ndi 2.3 bar kumanja. Madzi a sopo akuonetsa thovu pamene tayala lakumana ndi limu, pamalo pamene limuyo yapindika pang'ono. Limu ikawongoledwa ndipo mpweya n'kufanana, kukoka kukuchepa ndi theka koma sikukutha.

Matayala onse awiri ndi a saizi imodzi, mano awo ndi ofanana, ndipo palibe chotupa kunja kapena mkati. Akasinthanitsidwa, galimoto ikukokerabe kumanzere ndi mphamvu yomweyo, kotero matayala achotsedwa pamlandu. Malimu akutentha mofanana pambuyo pa ulendo, ndipo matayala akuzungulira momasuka pa jeke, kotero si mabuleki. Apa ndi pamene kulipira makina kuli ndi phindu.

Pepala la makina likuonetsa kemba wa +0°20' kumanzere ndi −0°40' kumanja. Tiyerekeze kuti mlingo wa galimotoyi ndi −0°10', ndipo umalola kusiyana kwa mamineti 45 uku ndi uku. Manambala onse awiri ali mkati mwa malire, ndipo pagalasi akuoneka obiriwira. Koma pakati pawo pali digiri yathunthu, ndipo tayala lakumanzere ndi limene lapendekera kunja, zimene zikugwirizana ndi mbali imene galimoto ikukokera. Kasita ndi 2°50' kumanzere ndi 3°00' kumanja, kusiyana kochepa kosadetsa nkhawa. Towu wachoka pamlingo, ndipo ndi amene wakhotetsa chiwongolero.

Makaniko amene angangosintha towu adzawongola chiwongolero, koma galimoto idzatuluka ikukokabe. Amene wawerenga kusiyana kwa mbali ziwiri amayang'ana miyendo yonse iwiri, kuyambira wakumanzere umene unagwera m'dzenje, n'kupeza chitsulo chopindika. Chikasinthidwa, kemba amayezedwanso, ndipo towu amasinthidwa pomalizira chifukwa amasuntha nthawi iliyonse kemba kapena kasita akakhudzidwa. Mwini galimoto ayenera kupempha pepala loonetsa manambala a ntchito isanayambe ndi a itatha, ndipo ayerekeze kumanzere ndi kumanja pa kemba ndi kasita m'malo mongoona mtundu wobiriwira.

Chitsanzochi chikuonetsanso kuti dzenje limodzi likhoza kubweretsa mavuto awiri kapena atatu nthawi imodzi, ndipo lililonse limawonjezera gawo lake pa kukoka. N'chifukwa chake posaka vutoli amasintha chinthu chimodzi chokha, n'kuyendetsa galimoto, asanakhudze china. Tayala limene linadyeka mbali imodzi pa nthawi imene alayinimenti inali yolakwika limatha kukokabe ngakhale miyendo itakonzedwa, ndipo zikatero limasamutsidwira kumbuyo ngati mano ake sanafike pa timizere ta mamilimita 1.6 timene timaonetsa kuti tayala latha. Likafika pamenepo limasinthidwa limodzi ndi linzake loyang'anizana nalo.